Kuphatikiza Mphamvu Zingapo Pozigawa M'zigawo: Phunziro la Pholo la Magetsi pa Mapiri a Dedza

Mzere wa magetsi wodutsa m'dera lamapiri sungayende chingwe chimodzi mtunda wautali, chifukwa umayenera kulambalala matanthwe, zigwa, minda ndi nkhalango, ndipo paliponse pamene wakhota pamakhala pholo limene mawaya ake amalikokera mbali zosiyana. Ku Dedza, kumene boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo phiri lenilenilo limafika mamita pafupifupi 2,200, mapolo apokhota oterewa ndi ochuluka, ndipo munthu woyang'anitsitsa amaona kuti ambiri ali ndi waya wina wosanyamula magetsi, wochokera kumutu kwa pholo n'kukalowa m'nthaka chopendekera. Waya wochirikizayu, amene amisiri amamutcha sitei, samangidwa mbali ina iliyonse imene yapezeka malo. Mbali yake ndi kulimba kwake zimachokera pa funso limodzi la sayansi ya mphamvu, lakuti pamene mphamvu zingapo zikukoka chinthu chimodzi nthawi imodzi, kodi zonse pamodzi zikuchikoka motani ndiponso zikuchikokera kuti.

Mphamvu imene ikukambidwa pano ndi kukoka kapena kukankha kulikonse, ndipo imayezedwa m'manyutoni, amene polemba amafupikitsidwa ndi chilembo cha N. Dziko limakoka kilogalamu imodzi ndi manyutoni pafupifupi 9.8, choncho thumba la chimanga la makilogalamu 50 limakoka chingwe cholipachika ndi manyutoni 490. Koma kukula kokha sikufotokoza mphamvu mokwanira, pakuti mphamvu ili ndi kumene ikulozera, ndipo chilichonse chokhala ndi kukula komanso kolozera chimatchedwa vekita. N'chifukwa chake mphamvu siziphatikizidwa monga amachitira ndi matumba a kachewere pa msika wa Bembeke, pamene atatu ndi anayi amakhala asanu ndi awiri nthawi zonse. Mphamvu ya manyutoni 3,000 ndi ina ya 4,000 zikhoza kupereka 7,000 ngati zikukokera kumodzi, 1,000 ngati zikulimbana maso ndi maso, kapena nambala ina iliyonse pakati pa ziwirizi malinga ndi ngodya imene zapanga. Mphamvu imodzi imene ingalowe m'malo mwa zonsezo n'kuchita ndendende zimene zikuchita pamodzi ndiyo rizalitanti, ndipo m'nkhani ino itchedwa mphamvu yotsatira.

Njira yakale yoipezera ndi yojambula. Simon Stevin anaonetsa m'buku lake la mu 1586 mmene mphamvu zokoka chopendekera zimachirikizirana, ndipo Isaac Newton, m'buku la Principia la mu 1687, analemba lamulo lakuti mphamvu ziwiri zikajambulidwa ngati mbali ziwiri za paralelogiramu, mzere wodula pakati pake ndiwo mphamvu yotsatira. Njirayi ndi yabwino pa mphamvu ziwiri, koma zikafika zitatu kapena zisanu wojambula amayenera kuibwereza kangapo, ndipo kaphonyedwe kakang'ono ka pensulo pa chojambula choyamba kamatengedwa n'kukulira m'zotsatira zonse. Njira ya zigawo imachotsa vutoli posandutsa ntchito yojambula kukhala yowerengera.

Maziko a njirayi ndi akuti mphamvu iliyonse yopendekera ikhoza kuchotsedwa n'kuikapo mphamvu ziwiri zopingasana, imodzi yotsata mzere wa x ndi ina yotsata mzere wa y, popanda kusintha kalikonse pa chinthu chokokedwacho. Mphamvu ziwirizi ndizo zigawo, kapena kuti makomponenti. Kwa munthu woyang'ana pholo kuchokera kumwamba, mawaya onse amaoneka ali pa bwalo limodzi lathyathyathya, ndipo pa bwaloli n'kwabwino kusankha kuti x alozere kum'mawa, y alozere kumpoto, ndipo pholo likhale pamene mizere iwiriyo yakumana. Chigawo cholozera kum'mawa kapena kumpoto chimatenga chizindikiro cha pulasi, cholozera kumadzulo kapena kummwera chimatenga mainasi. Ngodya ya mphamvu iliyonse iyezedwe kuyambira kum'mawa, kuzungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, kotero kuti kumpoto ndi madigiri 90, kumadzulo 180, kummwera 270. Mphamvu ya kukula F pa ngodya θ imakhala ngati mbali yaitali ya thirayango ya ngodya yowongoka, zigawo zake n'kukhala mbali ziwiri zotsalazo, ndipo kosaini ndi saini, amene ndi manambala osonyeza gawo la mbali yaitali limene lagwera pa mzere uliwonse, amapereka zigawozo motere:

```
Fx = F cos θ
Fy = F sin θ
```

Phindu loyeza ngodya zonse kuchokera pamalo amodzi n'lakuti zizindikiro zimabwera zokha, chifukwa kosaini wa ngodya iliyonse ya pakati pa 90 ndi 270 ali ndi mainasi kale, monganso saini wa ngodya ya pakati pa 180 ndi 360. Wowerengera amene amayeza mphamvu ina kuchokera kumpoto, ina kuchokera kumadzulo, amayenera kusankha yekha pa mphamvu iliyonse kuti saini agwere pati ndiponso kuti mainasi aikidwe pati, ndipo zolakwa zambiri za ophunzira zimabadwira pa kusankha kumeneku.

Chitsanzo chotsatirachi chili ndi manambala osankhidwa kuti aonetse njira, ngakhale kukula kwake kuli kofanana ndi kwa mawaya a mzere waung'ono. Pholo laima m'munsi mwa phiri pamene mzere wakhota, ndipo pamutu pake pakumana zokoka zitatu. Mawaya opita ku pholo lotsatira akukoka ndi manyutoni 3,000 pa madigiri 30, ndiko kuti chakum'mawa mopendekera kumpoto. Mawaya ochokera ku pholo lam'mbuyo, amene mpata wake ndi wotalikirapo, akukoka ndi manyutoni 4,000 pa madigiri 160, chakumadzulo mopendekera pang'ono kumpoto. Waya wanthambi wopita ku chigayo akukoka ndi manyutoni 1,500 pa madigiri 250, chakummwera mopendekera kumadzulo.

Mphamvu yoyamba ndi yosavuta, pakuti kosaini wa 30 ndi 0.866 ndipo saini wake ndi 0.5, choncho ili ndi manyutoni 2,598 olozera kum'mawa ndi 1,500 olozera kumpoto. Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa oyamba kumene, chakuti 2,598 ndi 1,500 zikaphatikizidwa zimaposa 3,000. Palibe cholakwika, chifukwa zigawo zopingasana siziphatikizidwa mwachindunji, monga mbali ziwiri zazifupi za thirayango zimaposa mbali yaitali zikalumikizidwa. Mphamvu yachiwiri ili ndi kosaini wa mainasi 0.940 ndi saini wa 0.342, ndipo yachitatu ili ndi mainasi mbali zonse ziwiri, popeza ikukokera kumadzulo ndi kummwera nthawi imodzi. Zonse zikalembedwa m'mizati iwiri zimaoneka chonchi:

```
F (N)    θ       Fx       Fy
3000     30°   +2598    +1500
4000    160°   -3759    +1368
1500    250°    -513    -1410
         Σ     -1674    +1458
```

Mu mzati uliwonse mphamvu zonse zili pa mzere umodzi, choncho tsopano n'zololedwa kuziphatikiza ngati manambala wamba, bola zizindikiro zisungidwe. Mzati wa x ukupereka mainasi 1,674, kutanthauza kuti kumadzulo kwapambana kum'mawa ndi manyutoni amenewo, ndipo mzati wa y ukupereka pulasi 1,458, kutanthauza kuti kumpoto kwapambana kummwera. Mphamvu zitatu zija zasanduka ziwiri zopingasana, ndipo lamulo la Pythagoras limazibweza kukhala imodzi: nambala iliyonse ichulukitsidwe ndi iyo yokha, zotsatirazo ziphatikizidwe, kenaka apezedwe sikweya ruti, amene ndi nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imabweza chiwerengerocho.

```
R = √(1674² + 1458²) ≈ 2220 N
```

Mphamvu zimene kukula kwake kukanapereka 8,500 zikanangophatikizidwa mwachisawawa zikukoka pholo ndi manyutoni 2,220 okha, chifukwa gawo lalikulu la kukoka kwa mawaya oyamba likuthera polimbana ndi achiwiri. Komabe 2,220 si nambala yochepa, pakuti ikufanana ndi kulemera kwa makilogalamu opitirira 220 okokera mutu wa pholo chammbali usana ndi usiku, ndipo m'dothi lofewa ndi mvula ya Januwale pholo lopanda chochirikiza limayamba kuwerama pang'onopang'ono.

Kukula kukapezeka, patsala kolozera, ndipo apa m'pamene ntchito yoyenda bwino imaonongekera kawirikawiri. Tanjenti wa ngodya ya mphamvu yotsatira ndi chigawo cha y chogawidwa ndi chigawo cha x, choncho wowerengera amagawa 1,458 ndi mainasi 1,674, n'kupeza mainasi 0.871, kenaka n'kudina batani la tan⁻¹. Kakyuleta amayankha kuti mainasi 41, ndipo ngodya imeneyi, yomwe ndi yofanana ndi madigiri 319, ikulozera pakati pa kum'mawa ndi kummwera. Yankholi ndi losemphana kotheratu ndi zoona. Makinawo sanalakwitse masamu, koma anangopatsidwa nambala imodzi yotuluka m'kugawa, ndipo nambala imeneyo ndi yomweyo kaya mainasi anali pa x kaya anali pa y. Ngodya ziwiri zosiyana ndi madigiri 180 zili ndi tanjenti mmodzi, ndipo batanilo limangopereka ya pakati pa mainasi 90 ndi pulasi 90. Choncho nthawi iliyonse imene chigawo cha x chili ndi mainasi, yankho la kakyuleta liyenera kuwonjezeredwa 180, ndipo pano zimenezi zikupereka madigiri 139.

Njira yodalirika kuposa kuloweza lamuloli ndi kuwerenga zizindikiro asanakhudze makina. Mainasi pa x ndi pulasi pa y zikunena poyera kuti pholo likukokedwera kumadzulo ndi kumpoto, choncho ngodya iyenera kukhala pakati pa 90 ndi 180, ndipo yankho lina lililonse likanidwe. Ndiye wowerengera amatenga manambala opanda zizindikiro, n'kupeza ngodya yaing'ono ya madigiri 41, n'kunena kuti mphamvu yotsatira ili madigiri 41 kuchokera kumadzulo kupendekera kumpoto. Makakyuleta ambiri a ophunzira a sekondale ali ndi batani la `Pol(` limene limalandira x ndi y padera n'kupereka kukula ndi ngodya yolondola, ndipo m'zinenero zambiri za kompyuta ntchito yomweyo imachitidwa ndi `atan2(y, x)`, ngakhale kuti mu Excel dongosolo lake ndi lotembenuka, `ATAN2(x, y)`, chinthu choyenera kusamala nacho kwa wosamutsa mawerengero kuchoka kwina kupita kwina.

Kulemera kwa cholakwa cha madigiri 180 kumaoneka bwino pa sitei. Kuti pholo lisasunthe, mphamvu zonse pamutu pake ziyenera kupereka ziro, choncho sitei ayenera kukoka ndi kukula kofanana ndi mphamvu yotsatira koma molozera kosemphana nayo. Mphamvu yoteroyo imatchedwa ikwilibiranti, ndiko kuti yolinganiza. Mphamvu yotsatira ili pa 139, ndiye nangula wa sitei akumbiridwe pa 319, pakati pa kum'mawa ndi kummwera. Munthu amene wakhulupirira mainasi 41 wa kakyuleta n'kuyesa kuti ndiko kumene pholo likukokedwera adzakumba dzenje mbali ya 139, ndipo pomangitsa waya wake adzakhala akuthandiza mawaya a magetsi kugwetsa pholo. Mmisiri wozolowera angazindikire zimenezi ndi maso, chifukwa amadziwa kuti pholo lapokhota limagwera m'kati mwa khotolo ndipo sitei amakhala kunja kwake, koma pakakhala waya wanthambi wachitatu kapena wachinayi maso okha sakwanira, ndipo m'pamene mizati iwiri ija imasonyeza ntchito yake.

Pali kusemphana kwina kumene kumadikira munthu wotenga yankho lapapepala kupita nalo kumunda. Kampasi imawerenga madigiri kuyambira kumpoto motsata mivi ya wotchi, pamene masamu apamwambawa ayambira kum'mawa mosemphana nayo. Kusintha kwake ndi kuchotsa ngodya ya masamu pa 90, n'kuwonjezera 360 ngati yankho lili ndi mainasi, choncho 139 imasanduka 311 pa kampasi ndipo 319 imasanduka 131. Manambalawa amafanana kwambiri pooneka, ndipo wolemba amene sanasonyeze pambali pa nambala iliyonse kuti yayezedwa kuchokera kuti akhoza kusokoneza 139 ndi 131 osazindikira. Kampasi nayonso iwerengedwe patali pang'ono ndi zitsulo za pholo ndi mawaya a moto, chifukwa zimapatutsa singano yake.

Yankho likapezeka liyenera kuyesedwa, ndipo mayeso ake ndi achidule. Mphamvu yotsatira singapose kuphatikiza kwa kukula kwa mphamvu zonse, ndipo singachepere chigawo chake chachikulu, choncho 2,220 iyenera kukhala pansi pa 8,500 ndi pamwamba pa 1,674. Palibe chigawo chimene chingapose mphamvu imene chachokerako. Kakyuleta ayesedwe ntchito isanayambe pomufunsa kosaini wa 30: akapereka 0.866 ali pa madigiri, koma akapereka 0.154 ali pa maradiyani, muyezo wina wa ngodya, ndipo mzere uliwonse wa tebulo udzakhala wolakwika ngakhale manambala ake akuoneka aulemu. Pomaliza, chojambula chamsangamsanga cholumikiza mivi itatu, mchira wa wina pamutu pa mnzake, chiyenera kuthera chakumadzulo ndi kumpoto kwa poyambira, ndipo chikathera kwina ndiye kuti chizindikiro china chatayika panjira.

Manyutoni 2,220 aja ndi mphamvu yopingasa, koma sitei sangakoke mopingasa chifukwa mapeto ake ali m'nthaka. Apa njira yomweyo ikugwiranso ntchito pa bwalo lina, loimirira, lokhala ndi pholo ndi sitei. Waya akapanga madigiri 45 ndi mzere wopingasa, chigawo chake chopingasa ndi kukoka kwake kuchulukitsa ndi 0.707, ndipo kuti chigawochi chifike 2,220 wayayo ayenera kukoka ndi manyutoni pafupifupi 3,140. Chigawo chinacho, chomwe nachonso ndi 2,220, chimakanikizira pholo pansi. Malo akachepa, monga zimachitikira pamene tanthwe kapena msewu wayandikira, nangula amabwera pafupi ndi pholo ndipo waya amaimirira. Pa madigiri 60 kosaini ndi theka lokha, choncho waya ayenera kukoka ndi 4,440 ndipo pholo limakanikizidwa ndi pafupifupi 3,850. Pa malo otsetsereka a ku Dedza mfundoyi ndi yofunika, chifukwa nangula wokumbiridwa kumunsi kwa chitsetso amapangitsa waya kuimirira kwambiri kuposa wokumbiridwa pamtunda womwewo kumtunda kwake, ndipo ngodya iyenera kuyezedwa kuchokera ku mzere wopingasa weniweni osati ku nthaka yopendekerayo.

Mphamvu za pa pholo sizikhala chimodzimodzi chaka chonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imawomba kuchokera pakati pa kummwera ndi kum'mawa, ndipo pa pholo la chitsanzochi ikukankhira pafupifupi kumene mawaya akukokera kale. Ikakhala ya manyutoni 400 pa madigiri 135, tebulo limangolandira mzere wachinayi wa mainasi 283 ndi pulasi 283, ndipo mphamvu yotsatira imakwera kufika pafupifupi 2,620 pa madigiri 138, kolozera kosasintha kwenikweni. Kuzizira kwa nyengo yomweyo kumafupikitsa mawaya n'kuwonjezera kukoka kwawo, n'chifukwa chake wopanga mapulani amawerengera nyengo yovutitsitsa osati tsiku lofunda lopanda mphepo.

Kusintha kochititsa chidwi kwambiri kumabwera pochotsa mphamvu. Chigayo chija chikatsekedwa ndipo waya wanthambi n'kumasulidwa, munthu angayembekezere kuti pholo lapepukidwa, koma mizati ikunena zina. Popanda mzere wachitatu, x ndi mainasi 1,161 ndipo y ndi pulasi 2,868, choncho mphamvu yotsatira ikukwera kufika pafupifupi 3,090 ndipo ikutembenukira ku madigiri 112. Waya wanthambi uja, pokokera kummwera, ankagwira mbali ina ya ntchito ya sitei. Tsopano sitei amene anaikidwa molondola pa 319 wapatuka ndi madigiri 27 pa mzere wa mphamvu yatsopano, ndipo saini wa 27 akusonyeza kuti manyutoni pafupifupi 1,400 akukoka pholo chammbali, kumene sitei alibe chigawo chilichonse cholimbana nawo. Pholo lotero limawerama mopingasa ndi sitei wake ngakhale wayayo ali wolimba ndi womangika bwino, ndipo kuwerama kwa mtundu umenewu ndi chizindikiro chakuti mawaya asinthidwa kuchokera pamene nangula anakumbiridwa.

Malire a njirayi ayenera kunenedwa momveka. Zonse zawerengedwazi zadalira mfundo yakuti mphamvu zikukumana pamalo amodzi, pamutu pa pholo. Zikagwira pamalo osiyana, kuphatikiza zigawo kumaperekabe kukula ndi kolozera kwa mphamvu yotsatira, koma sikunena mmene zikupindira kapena kuzunguzira chinthucho. Kupinda kumeneku kumayezedwa ndi momenti, yomwe ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pamalo opindikira, amene pa pholo ndi pamene lalowera m'nthaka. Ngati mawaya aakulu amangidwa pa mamita 8 koma wanthambi pa mamita 6, manyutoni 1,500 a wanthambiyo amapinda tsinde la pholo monga momwe manyutoni 1,125 akanachitira pamutu, pakuti 1,500 kuchulukitsa ndi 6 n'kugawa ndi 8 ndi 1,125. Nambala imeneyi ikalowa mu mzere wachitatu wa tebulo m'malo mwa 1,500, sitei womangidwa pamutu amayenera kulimbana ndi manyutoni pafupifupi 2,380 pa madigiri pafupifupi 130, ndipo malo a nangula amasuntha ndi madigiri 8 kapena 9 kuchoka pamene anapezeka poyamba.